Masiku 100 kuchokera lero: masamu otaya zambiri n'kusunga chotsala

Tiyerekeze kuti lero ndi Lachitatu, ndipo mnzanu wakukongozani ndalama zoti mubweze pakatha masiku 100. Kodi tsiku lobwezalo lidzakhala lachingati? Ambiri tikhoza kutsitsa kalendala pakhoma n'kuyamba kuwerenga ndi chala, koma n'kudzivutitsa chabe. Sabata ili ndi masiku 7, ndipo masiku 7 akangotha timapezeka tabwerera pa Lachitatu lomwe lija. M'masiku 100 muli masabata 14 athunthu, amene ndi masiku 98, ndipo patsala masiku 2. Masabata 14 aja sasuntha kanthu. Osuntha ndi masiku awiri otsalawo, ndipo atifikitsa pa Lachisanu.

Taonani zimene tachita apa. Tatenga 100 ngati kuti ndi 2. Mwana wa Sitandade 1 akhoza kutiseka, poti 100 ndi 2 si nambala imodzi. Komabe pa funso lakuti "lachingati?" nambala ziwirizi zimapereka yankho limodzi, ndipo 9, 16, 23 ngakhale 702 nazonso zimapereka lomwelo. Zonsezi ukazigawa ndi 7 zimasiya 2. Pa funso limeneli ndi za gulu limodzi, ndipo iliyonse ikhoza kuimirira zinzake.

Amene anaika maganizo amenewa m'dongosolo lake ndi Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany amene anabadwa mu 1777. Mu 1801, ali ndi zaka 24 zokha, anatulutsa buku la m'Chilatini lotchedwa Disquisitiones Arithmeticae, ndipo nkhani imene bukulo likuyamba nayo ndi yomweyi. Anthu anali akuwerengera zotsala kalekale iye asanabadwe, ku China ndi ku India komwe, koma Gauss anabweretsa chizindikiro cha mizere itatu chimene chikugwirabe ntchito mpaka lero. Zimene tapeza pamwambazi zimalembedwa motere:

100 ≡ 2 (mod 7)

Tanthauzo lake ndi lakuti kusiyana kwa 100 ndi 2, komwe ndi 98, kumagawika ndi 7 popanda chotsala. A masamu amati nambala ziwirizi ndi zokongiruwenti pa modulo 7. Nambala 7 ikhoza kusinthidwa ndi ina iliyonse yathunthu yoposa ziro, n'chifukwa chake m'mabuku amangolemba n. Wotchi yapakhoma imagwira ntchito pa modulo 12: ola la 15 pa tikiti ya basi ndi 3 koloko masana, chifukwa 15 ≡ 3 (mod 12). Kusiyanitsa nambala zogawika ndi 2 ndi zosagawika ndi 2 ndi modulo 2.

Tikhale kaye pa 7. Ukagawa nambala yathunthu ndi 7, chotsala chimakhala 0, 1, 2, 3, 4, 5 kapena 6, basi. Sichingafike 7, chifukwa pamenepo ndiye kuti muli sabata ina yathunthu imene sunaichotse. Choncho nambala zonse zathunthu, zimene zilibe malire, zimagwera m'magulu 7 okha. Gulu la 0 lili ndi 0, 7, 14, 21 n'kumapitirira. Gulu la 1 lili ndi 1, 8, 15, 22. Nambala za kunsi kwa ziro nazo zili ndi kwawo. Dzulo ndi tsiku la −1, ndipo aliyense akudziwa kuti dzina la dzulo ndi lomwe lidzabwere pakatha masiku 6. Ndiye kuti −1 ali m'gulu la 6, pakuti kusiyana kwa 6 ndi −1 ndi 7. Apa ndi pomwe zimaonekera kuti kutanthauzira ndi kusiyana kwa nambala ziwiri, monga anachitira Gauss, n'kwabwino kuposa kungonena za zotsala. Munthu akhoza kukanda mutu kuti chotsala cha −1 n'chiyani, koma kuchotsera sikusokoneza munthu.

Chofunika kuona m'magulu 7 amenewa ndi zinthu ziwiri. Palibe nambala yosowa gulu, ndipo palibe nambala yokhala m'magulu awiri. Kugawa kotereku, kosasiya kanthu kunja komanso kosalowerana, a masamu amakutcha patishoni. Chimene chikugawidwacho amachitcha seti, kutanthauza mulu wa zinthu zodziwika bwino, kaya ndi nambala, anthu kapena matumba a chimanga.

Funso lenileni la nkhani ino ndi ili: n'chifukwa chiyani kugawa kumeneku kwatheka bwinobwino chonchi? Si nthawi zonse pamene mawu oti "izi n'zamtundu umodzi" amabala magulu osalowerana.

Titenge banja ili, longoyerekeza. Chikondi ndi Mphatso ndi a bere limodzi koma abambo awo ndi osiyana. Mphatso ali ndi mlongo wake Tamanda, amene bambo ake a Mphatso anabereka kwa mayi wina. Tsopano wina atipemphe kuti tiike ana onse a m'mudzi m'magulu, lamulo lake likhale lakuti ana awiri akhale gulu limodzi ngati ali ndi kholo limodzi lofanana, ndipo ngati alibe asakhale pamodzi. Mphatso ayenera kukhala ndi Chikondi. Mphatso yemweyo ayenera kukhala ndi Tamanda. Koma Chikondi ndi Tamanda alibe kholo lofanana, choncho saloledwa kukhala pamodzi. Ntchito yaima, chifukwa Mphatso sangang'ambike pakati. Koma lamulo likasintha n'kukhala lakuti "anabadwa kwa mayi mmodzi", vuto lonse latha. Mwana aliyense ali ndi gulu limodzi, la ana a mayi ake.

Chasiyanitsa malamulo awiriwa n'chiyani? A masamu anapeza kuti ubale pakati pa zinthu uyenera kukwaniritsa mfundo zitatu kuti ugawe seti bwino. Yoyamba ndi yakuti chinthu chilichonse chikhale pa ubale ndi icho chomwe. Yachiwiri ndi yakuti ubale ukhale wobwezerana: ngati a ali pa ubale ndi b, nayenso b akhale pa ubale ndi a. Yachitatu ndi yakuti ubale ukhale wopatsirana: ngati a ali pa ubale ndi b, ndipo b ali pa ubale ndi c, ndiye kuti a ndi c akhalenso pa ubale. Ophunzira a kuyunivesite amazidziwa mfundozi ndi mayina oti rifulekisivi, simetiriki ndi tiranzitivi, ndipo ubale wokwaniritsa zonse zitatu umatchedwa ubale wa ikwivalensi. Lamulo la "kholo limodzi lofanana" lakwaniritsa ziwiri zoyamba n'kugwa pa yachitatu.

Mfundo yachitatuyi ndiyo imapunthwitsa anthu kawirikawiri, ndipo malo amene imakonda kugwera ndi pa mawu oti "pafupifupi". Wogula chimanga anene kuti matumba awiri ndi ofanana ngati kulemera kwake sikusiyana kuposa kilogalamu imodzi. Thumba la makilogalamu 50 lifanana ndi la 49, la 49 lifanana ndi la 48, koma la 50 ndi la 48 safanana. Atati aumirire kuti ubalewu ndi wopatsirana, adzafika povomera kuti thumba lodzaza ndi lofanana ndi lopanda kanthu, potsika kilogalamu imodziimodzi. Kuyandikana si kufanana. Mfundo yachiwiri imagwa mosavuta kuona: "a saposa b" si ubale wobwezerana, poti 3 saposa 5 koma 5 amaposa 3.

Yoyamba ija imaoneka ngati yongodzazira malo, ndipo ophunzira ochenjera amayesa kuichotsa. Amati: ngati a ali pa ubale ndi b, pobwezera b ali pa ubale ndi a, ndipo popatsirana a ali pa ubale ndi a, nanga tikuilemberanji payokha? Yankho lili pa liwu loti "ngati". Bwanji a atakhala kuti alibe b aliyense? Tinene kuti anthu awiri ali pa ubale ngati onse anayambira Sitandade 1 pa sukulu imodzi. Ubalewu ndi wobwezerana ndiponso wopatsirana, koma gogo amene sanapondeko m'kalasi sali pa ubale ndi aliyense, ngakhale ndi iye mwini, ndipo pogawa magulu atsala panja. Ntchito ya mfundo yoyamba ndi kuonetsetsa kuti aliyense wapeza malo.

Kuti kongiruwensi imakwaniritsa zonse zitatu, tikhoza kutsimikiza mosavuta. Nambala ukaichotsera pa iyo yomwe umapeza 0, ndipo 0 amagawika ndi n aliyense. Ngati a − b amagawika ndi n, b − a ndi nambala yomweyo yongotembenuka chizindikiro, choncho nayo imagawika. Ndipo ngati a − b ndi masabata athunthu, b − c nawonso ndi masabata athunthu, ukaphatikiza ziwirizi b amachoka n'kutsala a − c, amene ayenera kukhala masabata athunthu basi.

Tsopano tione chifukwa chake mfundo zitatuzi zimakakamiza kuti magulu asalowerane, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Tenga chinthu chilichonse, a, usonkhanitse zonse zimene zili naye pa ubale. Limenelo ndi gulu la a, ndipo mfundo yoyamba ikutiuza kuti a mwiniwake alimo. Tiyerekeze kuti gulu la a ndi gulu la b ali ndi chinthu chimodzi, c, chopezeka konsekonse. Ndiye kuti a ali pa ubale ndi c, ndipo b ali pa ubale ndi c. Pobwezera, c ali pa ubale ndi b. Popatsirana, a ali pa ubale ndi b. Zikatero, aliyense wa m'gulu la b ndi mbale wa a kudzera mwa b, ndipo aliyense wa m'gulu la a ndi mbale wa b kudzera mwa a. Magulu awiri aja apezeka kuti ndi gulu limodzi la mayina awiri. Choncho magulu awiri amakhala ofanana kotheratu kapena osakhudzana n'komwe. Zoti alowerane pang'ono chabe sizingatheke.

Nkhaniyi imayendanso chobwerera. Ukagawa seti m'magulu osalowerana mwa njira iliyonse imene wafuna, n'kunena kuti zinthu ziwiri zili pa ubale ngati zili gulu limodzi, mfundo zitatu zija zimakwaniritsidwa zokha. Ubale wa ikwivalensi ndi patishoni ndi chinthu chimodzi, wina akuchifotokoza potchula zinthu ziwiriziwiri, wina potchula magulu.

Phindu la kongiruwensi limapitirira pa kugawa magulu. Maguluwo amatheka kuwaphatikiza ndi kuwachulukitsa ngati nambala. Tenga nambala iliyonse ya m'gulu la 3 uphatikize ndi iliyonse ya m'gulu la 6, pa modulo 7. Ukasankha 3 ndi 6 upeza 9, wa m'gulu la 2. Ukasankha 10 ndi 20 upeza 30, ndipo 30 ndi 28 kuphatikiza 2, gulu lomwe lija. Woimira gulu asinthe bwanji, gulu la yankho silisintha, chifukwa zimene wawonjezera ndi masabata athunthu okhaokha. Kuchulukitsa nako n'chimodzimodzi: 3 × 6 = 18, wa m'gulu la 4, ndipo 10 × 20 = 200, amene ndi 196 kuphatikiza 4. Ichi ndicho chilolezo chimene tinagwiritsa ntchito mosazindikira pamene tinataya 100 n'kutenga 2.

Tiyese chilolezochi pa deti lodziwika. Dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo tsikulo linali Lolemba. Nanga 6 Julayi 2024, pokwanitsa zaka 60, linali lachingati? Tipatse Lolemba nambala 1, Lachiwiri 2, mpaka Loweruka 6, Lamulungu likhale 0. Chaka wamba chili ndi masiku 365, amene ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi, choncho 365 ≡ 1 (mod 7). M'malo mochulukitsa 365 ndi 60, tingochulukitsa 1 ndi 60. Kenaka tiwerenge zaka zimene Febuluwale anali ndi masiku 29 pakati pa madeti awiriwa. Pamafunika kusamala m'mphepetemu, ndipo ambiri amaphonyera pomwepa. Chaka cha 1964 chinali ndi 29 Febuluwale, koma anali atadutsa kale pofika Julayi, choncho sawerengedwa. Wa 2024 awerengedwa chifukwa anafika Julayi asanakwane. Kuyambira 1968 mpaka 2024, podumpha zaka zinayizinayi, tipeza zaka 15. Tsopano 60 + 15 = 75, ndipo 75 ndi 70 kuphatikiza 5. Lolemba, amene ndi 1, tikamuwonjezera 5 tifika pa 6. Linali Loweruka, ndipo amene ali ndi kalendala ya chaka chimenecho ayang'anepo.

Wofuna kupita kutali m'mbuyo kapena m'tsogolo akumbukire kuti kalendala yathu, imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582, imachotsa 29 Febuluwale pa zaka zothera ndi 00 zimene sizigawika ndi 400. Chaka cha 1900 chinalibe, 2000 chinali naye, 2100 sichidzakhala naye. Zotsatira zake n'zosangalatsa: zaka 400 zili ndi masiku 146,097, amene ndi masabata 20,871 ndendende. Ndiye kuti kalendala yonse, madeti ndi mayina a masiku, imabwereza pakatha zaka 400.

Chilolezo chosintha nambala ndi inzake ya m'gulu chili ndi malire, ndipo kwa ine malirewo ndi amene amasonyeza ngati munthu waimvetsa nkhaniyi. Choyamba kutayika ndi ukulu ndi uchepa. Kodi gulu la 5 ndi lalikulu kuposa gulu la 1? Ukayang'ana 5 ndi 1 unena kuti inde, koma 8 nayenso ndi wa gulu la 1, ndipo amaposa 5. Funsolo lilibe yankho, monga momwe zilili ndi funso loti chimayamba n'chiyani pakati pa Lachisanu ndi Lolemba osatchula sabata yake. Chachiwiri ndi nambala yaing'ono yolembedwa pamwamba, yonena kuti nambala ichulukitsidwe kangati. Pa modulo 7, 1 ndi 8 ndi a gulu limodzi, koma 2¹ ndi 2, pomwe 2⁸ ndi 256, amene amasiya 4. Magulu asiyana. Yapansiyo ukhoza kuisintha ndi mbale wake, yapamwambayo ayi.

Chachitatu, chimene chili chozama, ndi kugawa. Pa wotchi, 3 × 1 = 3, ndipo 3 × 5 = 15, amene ndi 3 yemweyo pa modulo 12. M'masamu a kusukulu tikanafufuta 3 mbali zonse n'kunena kuti 1 ndi 5 ndi ofanana. Pano likhala bodza, poti kusiyana kwawo ndi 4, ndipo 4 sagawika ndi 12. Cholakwika n'chakuti 3 amagawa 12, kotero kuti 3 × 4 amagwera m'gulu la 0 ngakhale kuti 3 ndi 4 onse si ziro. Lamulo lake ndi lakuti nambala ikhoza kufufutidwa mbali zonse pokhapokha ngati palibe nambala yoposa 1 yogawa iyoyo ndi n yemwe. Pa modulo 12 zololedwa ndi za m'magulu a 1, 5, 7 ndi 11 basi. Pa modulo 7 gulu lililonse kupatula la 0 limaloledwa, chifukwa 7 ndi nambala ya pulayimu, yosagawika ndi ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Kumeneko kugawa ndi 3 ndi chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 5, pakuti 3 × 5 = 15, wa m'gulu la 1.

Pali ntchito ina imene wogulitsa m'golosale kapena mlembi wa banki m'khonde akhoza kuigwiritsa lero lomwe, yoyesera ngati samu yalondola. Nambala 10 imasiya 1 ukaigawa ndi 9, ndipo 100 ndi 1,000 nazo zimasiya 1. Ndiye kuti pa modulo 9, nambala ngati 347, imene ndi 3 × 100 + 4 × 10 + 7, ili gulu limodzi ndi 3 + 4 + 7, yomwe ndi 14, ndipo 14 ali gulu limodzi ndi 5. Tinene kuti wagula zinthu 28 pa mtengo wa K347 chilichonse, ndipo wapeza K9,716. Nambala 28 ili m'gulu la 1. Choncho yankho liyenera kukhala m'gulu la 5 × 1, lomwe ndi 5. Tiyese: 9 + 7 + 1 + 6 = 23, ndipo 23 amasiya 5. Zagwirizana. Ukanakhala kuti unaiwala kunyamula 1 n'kulemba K9,616, ukanapeza 22, wa m'gulu la 4, ndipo ukanadziwa pompo kuti pena palakwika.

Koma magulu akagwirizana sindiye kuti samu yalondola. Zimangotanthauza kuti yankho lako ndi lenileni zili m'gulu limodzi, ndipo m'gululo muli nambala zosawerengeka. Cholakwa chofala kwambiri pokopera nambala ndi kusinthanitsa manambala awiri oyandikana, monga kulemba 9,176 m'malo mwa 9,716. Modulo 9 sangachione chimenechi ngakhale pang'ono, chifukwa kuphatikiza sikusamala kuti wayamba ndi chiti. Kusiyana kwa nambala ziwirizi ndi 540, yemwe ndi 9 × 60, ndipo kusinthanitsa kotere nthawi zonse kumabala kusiyana kogawika ndi 9. N'chifukwa chake owerengera ndalama akaona kuti mabuku awo asiyana ndi nambala yogawika ndi 9, amayamba kufufuza pamene manambala asinthana malo.

Modulo 11 ndiye amagwira wakuba ameneyu. Pa 11, nambala 10 ili m'gulu la −1, 100 ali m'gulu la 1, 1,000 wabwerera ku −1. Choncho umayambira kumanja, n'kumaphatikiza ndi kuchotsera mosinthana. Pa 347 tipeza 7 − 4 + 3 = 6. Pa 28 tipeza 8 − 2 = 6. Kuchulukitsa, 36, amene amasiya 3 pa 11. Yankho lolondola, 9,716, lipereka 6 − 1 + 7 − 9 = 3. Lolakwika lija, 9,176, lipereka 6 − 7 + 1 − 9 = −9, wa m'gulu la 2, ndipo lagwidwa. Sizinangochitika mwamwayi. Kusinthanitsa manambala awiri oyandikana kumasintha nambala yonse ndi 9 kuchulukitsa ndi kusiyana kwa awiriwo, kuchulukitsanso ndi 10 kangapo. Poti 11 ndi pulayimu, kuti agawe zonsezi ayenera kugawa chimodzi mwa zidutswazo, koma sagawa 9, sagawa 10, ndipo kusiyana kwa manambala awiri osiyana sikuposa 9. Nambala za ISBN zakale za pamabuku, za malo 10, zimayesedwa pa modulo 11 pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, ndipo X amene nthawi zina amaoneka kumapeto kwake amaimira gulu la 10, limene silikanakwana pa malo amodzi.

Ukayesa ndi 9 ndi 11 pamodzi, ndiye kuti wayesa pa modulo 99, ndipo cholakwa chokhacho chimene chingapulumuke ndi chimene kukula kwake kumagawika ndi 99. Wolemba K9,815 m'malo mwa K9,716 adutsa mayeso onse awiri: 9 + 8 + 1 + 5 ndi 23, ndipo 5 − 1 + 8 − 9 ndi 3, pomwe wasiyana ndi yankho lolondola ndi K99.